Jekete Sidontha, Nanga Malaya Anyowa Bwanji?

Munthu wagula jekete yodula, yolembedwa kuti silowa madzi. Wayenda nayo pamvula ola lathunthu akukwera chitunda, chikwama chili kumsana. Pofika kumene amapita akuvula, n'kupeza malaya a m'kati ali chinyowere kumsana ndi m'khwapa. Mlandu amauweruza pomwepo: andibera ndalama, chinthuchi chikudontha. Koma nthawi zambiri jeketeyo imakhala yosalakwa. Madzi amene ali m'malayamo sanachoke kumwamba, achoka m'thupi mwake momwe.

Apa ndiye pagona vuto la chovala chilichonse cha mvula. Kutchinga madzi sikovuta, ngakhale jumbo ya pulasitiki imatha. Chovuta n'kutchinga madzi a kunja uku ukutulutsa a m'kati. Munthu amene akukwera phiri atasenza katundu amatha kutuluka thukuta lokwana theka la lita mpaka lita imodzi pa ola, ndipo thukuta limenelo limaziziritsa thupi pokhapokha likauma n'kusanduka nthunzi. Likasowa kolowera limangokhala pakhungu, munthu n'kumatenthedwa ali m'njira, ndipo akangoima kuti apume, malaya onyowawo amayamba kumuzizira mpaka mano kugundana. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi mpweya. N'chifukwa chake anthu oyenda m'mapiri ozizira amaopa malaya onyowa kuposa mvula yeniyeniyo.

Charles Macintosh, katswiri wa mankhwala wa ku Glasgow ku Scotland, anathetsa theka la vutoli m'chaka cha 1823. Iye anasungunula mphira n'kuimata pakati pa nsalu ziwiri, ndipo mvula inalepheradi kudutsa. Koma majasi akewo ankanunkha, ankauma gwa kukazizira, ankanata kukatentha, ndipo wovala ankasamba thukuta. Zovala za mvula za pulasitiki zimene alonda ndi akabaza amavala lero ndi zidzukulu za jasi limeneli, ndipo khalidwe n'lomwe lija la agogo awo.

Njira ya phula ndi yakale kuposa pamenepa, ndipo inachokera panyanja. Amalinyero a ku Britain ankapaka mafuta a njere za fulakesi pansalu za matanga a zombo zawo, zidutswa zotsala n'kusokera zofunda za pamvula. Mafutawo ankasandutsa nsalu yachikasu, ndipo kukazizira inkalimba mpaka kung'aluka m'mapindo. M'zaka za m'ma 1930 opanga nsalu anayamba kunyika thonje m'phula lochokera ku mafuta a pansi, lofanana ndi la makandulo, ndipo nsalu inatuluka yofewa, yosasintha mtundu. Kampani ya Barbour, imene John Barbour anaiyambitsa ku South Shields mu 1894, inatchuka ndi nsalu imeneyi pakati pa alimi, asodzi ndi okwera njinga zamoto, ndipo mpaka pano majekete ake akale amabwerera kufakitale kukapakidwanso phula.

Phula limagwira ntchito mosabisa. Limalowa mu ulusi wa thonje n'kudzaza timipata ta pakati pa ulusi ndi unzake, madzi n'kusowa polowera. Koma timipata timeneto ndi tomwenso mpweya ukanadutsira. Nsalu ikamwa phula lambiri imatchinga mvula bwino ndipo imatchinganso thukuta. Ikamwa lochepa imapuma bwino koma mvula yaikulu imailowa. Palibe njira yopezera zonse ziwiri pamalo amodzi. Chimene chimapulumutsa jekete ya phula ndi kasokedwe kake: imakhala yotakasuka, mpweya umalowera kunsi n'kutulukira kukhosi munthu akamayenda, ndipo nsalu ya thonje ya m'kati imamwako chinyezi. Kwa mlimi amene akuyendera nkhosa mwapang'onopang'ono m'mawawa ozizira, izi n'zokwanira. Kwa wothamanga kapena wokwera phiri, jekete yolemera kupitirira kilogalamu imodzi yosatulutsa thukuta ndi chilango.

Ubwino wake suyenera kuchepetsedwa. Minga ndi waya wa mpanda sizing'amba nsalu ya phula mwachisawawa, ndipo ikang'ambika telala aliyense amaika chigamba, mwini wake n'kupaka phula pamsokowo. Ikayamba kumwa madzi m'mapewa ndi m'zigongono, kumene phula limatha msanga, amaipukuta ndi madzi ozizira, n'kuviika chitini cha phula m'madzi otentha kufikira litasungunuka, n'kulipaka ndi kansalu, makamaka m'misoko. Kenako amaitenthetsa pang'ono ndi makina oumitsira tsitsi kuti phula lilowe, n'kuipachika usiku wonse. Kamodzi pachaka n'kokwanira kwa woivala kawirikawiri. Sopo ndi madzi otentha ndiye adani ake, chifukwa zimachotsa phula lonse. Phula salisungunula pamoto penipeni, limatha kuyaka. Kumalo otentha limafewa, limagwira fumbi, ndipo limasiya banga pampando wa galimoto.

Kampani ya Fjällräven ya ku Sweden inapeza nzeru yapakati. Nsalu yake ya G-1000, yosakaniza poliyesitala ndi thonje, imapakidwa phula louma lokhala ngati mtanda wa sopo, losakaniza la makandulo ndi la njuchi. Mwini chovala amasankha yekha: amapaka kwambiri m'mapewa, pachipewa ndi m'mawondo, kumene mvula imamenya, n'kusiya kumsana ndi m'khwapa kuti kuzipuma. Chilimwe chikafika amachapa kangapo m'madzi ofunda, phula n'kuchoka. Chovala chotere sichilimbana ndi mvula ya tsiku lonse, ndipo eni ake sanena kuti chimatero.

Chimene chinasintha zinthu chinachitika mu 1969 ku Delaware, ku America. Bob Gore ankayesa kutamula timitengo totenthetsa ta pulasitiki yotchedwa PTFE, yomwe ija imapakidwa m'mapoto osamatirira chakudya. Akakoka pang'onopang'ono tinkaduka. Tsiku lina atatopa nazo anangokoka kamodzi mwamphamvu, ndipo m'malo moduka pulasitikiyo inatamuka kuwirikiza kangapo, n'kusanduka nembanemba yodzaza timabowo, gawo lake lalikulu lili mpweya. Pofika 1976 nembanemba imeneyi inali itamatidwa pansalu n'kuyamba kugulitsidwa ndi dzina la Gore-Tex.

Malinga ndi kampaniyo, kachigawo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi kali ndi timabowo pafupifupi 1.4 biliyoni. Kabowo kalikonse n'kakang'ono kuwirikiza ka 20,000 kuposa dontho la madzi, koma n'kakakulu kuwirikiza ka 700 kuposa kanthu kamodzi ka nthunzi. Dontho silikwana, nthunzi imadutsa. Majekete oyambirira anakumana ndi vuto limene silinaganiziridwe: mafuta a pakhungu, thukuta ndi sopo zinkalowa m'timabowomo n'kuyamba kukoka madzi, jekete n'kudonthadi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anawonjezera kachigawo kopyapyala kotchinga mafuta kumbali ya m'kati. Anayambanso kumata tepi kuseri kwa msoko uliwonse, popeza singano ya makina imaboola nembanemba malo mazanamazana. Mpaka lero jekete imene misoko yake ilibe tepi imadontha, nsalu yake ikhale yabwino chotani.

Si nembanemba zonse zili ndi timabowo. Zina, monga Sympatex ya ku Germany ndi zambiri za poliyurefeni zopezeka m'majekete otsika mtengo, n'zotsekeka koma zimamwa chinyezi mbali imodzi n'kuchitulutsira mbali inayo. Izi zimayamba kugwira bwino ntchito m'kati mukakhala kale chinyezi chambiri, motero wovala amamva kunata asanamve kupepukidwa.

Chimene otsatsa malonda sakonda kuchitchula n'chakuti nembanemba sipopa thukuta. Ilibe mphamvu yake yokha. Nthunzi imayenda kuchoka kumene yachuluka kupita kumene yachepa, ndipo liwiro lake limadalira kusiyana kwa mbali ziwirizo.

Titenge munthu amene akunyamuka pa Likhubula kukwera phiri la Mulanje kulowera ku Chambe, mtunda wokwera mamita pafupifupi 1,000, chikwama kumsana. M'kati mwa jekete yake mpweya wafika madigiri 30 ndipo wadzaza chinyezi. Mpweya wotentha choncho umasunga magalamu pafupifupi 30 a madzi pa kiyubiki mita imodzi. Ngati ndi mwezi wa July, chiperoni chakuta phiri ndipo kunja kuli madigiri 10, mpweya wa kunjawo, ngakhale utadzaza nkhungu, sungasunge kupitirira magalamu 9 ndi pang'ono. Kusiyana kwake ndi magalamu pafupifupi 21, ndipo nthunzi imatuluka mwachangu. Munthu yemweyo akabwera mu January, mvula ikugwa kunja kuli madigiri 25, mpweya wa kunja uli kale ndi magalamu 23. Kusiyana kwatsala 7 basi. Jekete ndi yomweyo, mtengo wake ndi womwewo, koma ikutulutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta limene inkatulutsa mu July, pamene thupi likutuluka thukuta lochuluka kuposa nthawi ija. Kuchigwa cha Shire, mvula ikagwa kunja kuli madigiri 28, kusiyanako kumatsala pang'ono kutheratu.

Nsalu zimenezi zimayenerana ndi nyengo ya ku Scotland, Norway ndi mapiri a Alps, kumene mvula imabwera ndi kuzizira. Kumeneko zimagwiradi ntchito. Pamvula yofunda ya kuno, munthu woyenda pansi amakhala bwino ndi ambulera kapena chofunda chotakasuka chotsekuka kunsi kuposa ndi jekete ya ndalama zambiri yotsekedwa zipi mpaka pachibwano, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Manambala olembedwa pakapepala ka jekete ayenera kuwerengedwa ndi maso omwewa. Kawirikawiri pamakhala awiri, monga 10,000 ndi 10,000. Loyamba ndi mamilimita: poyesa amapanikiza madzi pansalu, ndipo 10,000 ikutanthauza kuti nsaluyo imapirira kulemera kwa madzi a m'paipi yoimirira yotalika mamita 10 isanayambe kudontha. Mvula payokha sifika pamenepo. Chimene chimakankhira madzi m'nsalu ndi malamba a chikwama, kugwada, kukhala pamalo onyowa, kapena mphepo ya panjinga yamoto, ndipo kwa anthu otere 20,000 ndiye yodalirika. Nambala yachiwiri ndi magalamu a nthunzi odutsa pa sikweya mita imodzi pa maola 24. Tikagawa 10,000 ndi 24 tipeza magalamu pafupifupi 417 pa ola. Tikachotsa kumsana kumene chikwama chaphimba, tinene kuti patsala sikweya mita imodzi ndi theka, ndiye kuti ndi magalamu oposa pang'ono 600 pa ola. Wokwera phiri uja akutulutsa lita, amene ndi magalamu 1,000. Ndipo 600 ameneyo ndi wa m'chipinda choyezera, nsalu ili youma, nyengo ili yosankhidwa bwino. Makampani amayezanso m'njira zosiyana, moti manambala a makampani awiri safananitsika. Ena amalemba muyezo wa RET, umene umawerengedwa mosemphana: nambala ikachepa ndiye kuti nsalu imapuma bwino, pansi pa 6 ndi yabwino zedi, pamwamba pa 20 wovala amavutika akangoyamba ntchito yolimba.

N'chifukwa chake majekete abwino amakhala ndi zipi m'khwapa. Bowo lotalika ngati dzanja limatulutsa nthunzi yambiri kuposa timabowo mabiliyoni. Oyenda m'mapiri ozolowera amanyamuka atavala zochepa, akumva kuzizira pang'ono, podziwa kuti pakatha mphindi khumi atenthedwa. Amapewanso malaya a thonje m'kati, chifukwa thonje limamwa thukuta n'kulisunga. Poliyesitala kapena ubweya wa nkhosa zimalipereka ku nembanemba msanga.

Nanga mankhwala opopera aja? Anthu ambiri amawayesa opikisana ndi nembanemba, pamene ntchito yake ndi ina. Mankhwalawa satseka mpata uliwonse. Amangokuta ulusi umodzi ndi umodzi kuti madzi asaugwire, motero dontho limaundana n'kugubuduka monga limachitira patsamba la koko. Mpweya umadutsabe monga kale, ndipo pa njira zonse zitatu iyi ndiyo yosalepheretsa thukuta. Koma dontho lomwelo likapanikizidwa ndi chala, lamba kapena mphepo, limalowa. Jekete wamba yopopera mankhwala imapirira mawawa a mphindi zingapo, osati chimvula. Mbiri yake inayambira kukampani ya 3M, kumene Patsy Sherman ndi Samuel Smith anaona kuti mankhwala ena amene anatayikira pansapato m'chipinda choyezera sankachoka ndi madzi kapena mafuta. Mu 1956 anayamba kuwagulitsa ndi dzina la Scotchgard.

Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi jekete iliyonse ya nembanemba imadalira mankhwala omwewa. Nembanemba ndi yopyapyala kwambiri moti imabisidwa kuseri kwa nsalu ya nayiloni kapena poliyesitala, ndipo nsalu ya kunjayo imapakidwa mankhwala othamangitsa madzi kufakitale, amene pakapepala amalembedwa DWR. Mankhwalawa amaperepeseka ndi malamba, fumbi, utsi ndi mafuta a pakhungu. Akatha, nsalu ya kunja imamwa madzi n'kuda mtundu, jekete imalemera, ndipo pamwamba pa nembanemba pamakhala madzi okhaokha. Nthunzi ya m'kati imapeza kunja kwanyowa kale, imagunda nsalu yozizira n'kusanduka madontho m'kati momwemo. Mvula sinalowe ngakhale dontho limodzi, koma wovala wanyowa ndipo akuzizidwa. Majekete ambiri otayidwa ponena kuti atha amakhala akudwala matenda awa okha.

Kusiyanitsa kudontha ndi thukuta n'kotheka. Kudontha kumakhala pamalo amodzi, kawirikawiri pamsoko, paphewa kapena pazipi, ndipo kumabwerera pomwepo nthawi zonse, ngakhale munthu atangoima. Thukuta limanyowetsa ponseponse mofanana, makamaka kumsana ndi m'khwapa, ndipo limachuluka munthu akalimbikira. Wofuna kutsimikiza avale malaya ouma a mtundu wotuwa, avale jekete, aime pashawa yozizira mphindi zisanu osagwedezeka. Banga likaoneka, pamenepo ndiye padontha. Likapanda kuoneka, vuto ndi kupuma.

Mankhwala ake amayamba ndi kuchapa, ngakhale eni majekete odula ambiri amaopa kutero. Litsiro ndilo limapha DWR. Amachapa m'madzi ofunda ndi sopo wamadzi wochepa kapena wopangidwira nsalu zotere, monga wa Nikwax ndi Grangers a ku Britain, n'kutsukuluza kawiri. Sopo waufa ndi mankhwala ofewetsa zovala zimasiya zotsalira zokoka madzi. Jekete ikauma amaitenthetsa, chifukwa kutentha kumadzutsa mankhwala amene anagona: mphindi 20 m'makina oumitsira zovala, kapena kusita ndi simbi yofunda chabe, tawulo lili pakati, popanda nthunzi. Simbi ya makala ndi yoopsa apa chifukwa kutentha kwake sikuyezeka, ndipo nayiloni imasungunuka. Kenako amawaza madzi pamkono. Akagubuduka, ntchito yatha. Akalowa, ndiye nthawi yopopera mankhwala atsopano pajekete yoyera, yonyowa pang'ono, kupukuta otsalira ndi kansalu. Kupoperako kuchitike panja, chifukwa utsi wa mankhwala a m'zitini zopopera umavulaza mapapo ukapumidwa m'chipinda chotseka.

Cholakwa chachikulu n'kusakaniza njirazi. Kupaka phula pajekete ya nembanemba n'kuipha: phula limatseka nsalu ya kunja, ndipo chovala chimene chinagulidwa chifukwa chopuma chimasanduka pulasitiki wamba. Chimodzimodzi nsapato zachikopa zokhala ndi nembanemba m'kati, zikapakidwa mafuta olemera kapena polishi wambiri phazi limayamba kunyowa ndi thukuta. Nsapato zachikopa zopanda nembanemba ndiye zimakonda phula.

Nkhani ya mankhwalawa yasinthanso posachedwapa. Amphamvu kwambiri anali a gulu la PFAS, amene amathamangitsa madzi ndi mafuta omwe, koma saola m'nthaka, m'madzi kapena m'thupi la munthu. Mu 2000 kampani ya 3M inalengeza kuti isiya kupanga mtundu wina wa mankhwalawa, ndipo pang'ono ndi pang'ono makampani a zovala akhala akuwasiya. Mu 2021 kampani ya Gore inalengeza nembanemba yatsopano ya poliyefilini yopanda mankhwala a gulu limeneli. Mankhwala atsopano amathamangitsa madzi bwino koma amagonja ku mafuta, choncho jekete ya masiku ano imafuna kuchapidwa pafupipafupi kuposa ya zaka 15 zapitazo.

Majekete ambiri otere amafika kuno kudzera m'mabelo a kaunjika, ndipo pamulu umodzi pamapezeka abwino ndi akufa omwe, kunja kwake akuoneka mofanana. Chinsinsi chili m'kati. Wogula atembenuze jekete, ayang'ane pakhosi ndi m'mapewa, kumene mafuta a pakhungu ndi malamba zimayambira kuwononga. Ngati pakuyoyoka tizidutswa toyera, kapena nsalu ikunata ndi kununkha chiwawasa, ndiye kuti poliyurefeni waola ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo palibe mankhwala opopera amene angaibweze. Izi zimachitika msanga m'majekete opepuka amene m'kati mwake mwangopakidwa kachigawo kopyapyala. Amene ali ndi nsalu yachitatu yomatidwa m'kati amakhalitsa. Ayendetse chala patepi ya m'misoko: ikamatuka malo amodzi kapena awiri imamatika ndi guluu wa nsalu, koma ikamatuka ponseponse jeketeyo yatha. Ngati pakati pa nsalu pakuoneka matuza, zigawo zayamba kulekana. Koma ngati m'kati muli bwino ndipo kunja kokha ndiko kukumwa madzi, imeneyo ndiyo yogula, ndipo wogula ali ndi chifukwa chonenerera mtengo. Akafika nayo kunyumba aichape, aitenthetse, ndipo dzinja likatha aipachike pamalo ouma odutsa mphepo, osaipinda yonyowa m'jumbo.